Mmene mungamasulire nthabwala za mkamwini kwa agogo popanda kuutsa mlandu

Mu Lusaka muno mabanja ambiri ndi osakanikirana. Mtsikana wa ku Katete akwatiwa ndi Mbemba wa ku Kasama, akhala ku Mtendere kapena ku Chawama, ndipo pa WhatsApp amalemberana Chingelezi chothira Chibemba ndi Chinyanja cha m'tauni. Iwo okhaokha amamvana. Ntchito imayamba mkamwini uja akafuna kucheza ndi agogo a mkazi wake kumudzi, amene amamva Chichewa chokha ndipo sawerenga. Pamenepo amapempha mlamu wake, amene ndinu, kuti mumasulire uthengawo n'kuujambula m'mawu. Moni ndi za ndalama ya feteleza sizivuta. Chovuta ndi nthabwala, chifukwa mukamasulira liwu ndi liwu, agogo amalandira chipongwe chochokera pakamwa panu.

Titenge uthenga umodzi tiyende nawo mpaka ukafike. Mkamwini walemba m'Chingelezi, ndipo tikautsata mmene uliri, osakonza kanthu, ukuti:

"Mkazi wokalamba, mwatiiwala. Mukadali kuthamangitsa makoswe? Mutitumizireko pa basi, koma muchotse michira, ife ndife anthu otsogola. Mdzukulu wanu akundipha ndi njala, ndibwera kudzatenga ndalama zanga. Ndikungokukokani mwendo."

Kumapeto waika tinkhope titatu toseka mpaka misozi. Iye akuona kuti walemba zachikondi, ndipo n'zoonadi. Koma muwerengereni munthu wamkulu mawu amenewo mmene alilimo, muone ngati madzulo ake amalume sakuimbirani foni.

Choyamba: dziwani chimene chikuwalola awiriwa kusereulana

Musanakhudze liwu lililonse, dzifunseni kuti wolembayu akuima pa ubale uti. Kwathu kusereula kuli ndi eni ake. Asuweni amatchulana mwamuna ndi mkazi. Alamu amanyogodolana. Agogo ndi adzukulu ndiye osanena, ndipo mwamuna wa mdzukulu wamkazi amalowa momwemo: agogo aakazi amamutcha mwamuna wawo, n'kumadandaula kuti kamtsikanako kawalanda banja. Koma munthu yemweyo sangayese n'komwe kulankhula choncho kwa apongozi ake, amayi a mkazi wake. Kumeneko n'kwa ulemu ndi kupewana.

Mu uthenga wathuwu muli maubale awiri ogundana. Woyamba ndi wa agogo ndi mwamuna wa mdzukulu, umene agogo akuudziwa bwino kuposa inu. Wachiwiri ndi chimbuya, usuweni wa Abemba ndi anthu a kum'mawa. Chimbuya chinachokera ku nkhondo za Angoni ndi Abemba m'zaka za m'ma 1800, Angoni atawoloka Zambezi mu 1835. Nkhondo zitatha, adani akale anasanduka asuweni onyozana poyera, ndipo m'matauni ndi m'migodi usuweniwo unafalikira kwa onse ochokera kum'mawa, Achewa ndi Ansenga omwe. N'chifukwa chake pa basi ya ku Kulima Tower mumamva Mbemba akuseka wa kum'mawa kuti amadya mbewa, winayo n'kubweza kuti kwanu munamaliza apusi m'tchire, ndipo palibe wokwiya. Atonga ndi Alozi nawonso ali ndi usuweni wawo wotere.

Kusiyana kwake n'kwakuti chimbuya ndi champhamvu m'tauni, kumene mitundu imakumana tsiku ndi tsiku. Agogo amene sanakhaleko ku Lusaka kapena ku migodi angachidziwe mwakumva chabe. Choncho pomasulira, tsamirani pa ubale umene wolandira akuudziwa. Muyambe ndi za mwamuna ndi mkazi wake wamkulu, za mbewa zibwere pambuyo, agogo atayamba kale kumwetulira.

Ngati mwapeza kuti palibe ubale wolola zimenezi, mwachitsanzo uthenga womwewu ukupita kwa apongozi, musamasulire. Bwererani kwa wolemba mumuuze kuti alembe wina.

Chachiwiri: funsani amene adzamve

Izi ambiri amaziiwala. Foni imene uthenga ukafikire si ya agogo. Ndi ya mdzukulu wina kapena ya aphunzitsi oyandikana nawo, ndipo uthenga wa mawu amautsegula mokweza pakhonde, anthu akutongola chimanga. Apongozi aja ali pomwepo. Azakhali alipo. Mawu oti mdzukulu saphika, amene kwa agogo ndi nthabwala, kwa mayi wobereka ndi chitonzo choti sanalange mwana. Imbirani mwini foni mumupemphe kuti awapatse agogo paokha, kapena masulirani ngati kuti mudzi wonse ukumvetsera. Ine ndimasankha chachiwirichi, chifukwa lonjezo la mwini foni silikhalitsa.

Chachitatu: gawani uthengawo, chiganizo chilichonse muchifunse ntchito yake

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Pa chiganizo chilichonse, musafunse kuti chikunena chiyani, funsani kuti wolemba akuchita nacho chiyani. Akupereka moni? Akudandaula mwachikondi? Akupempha kanthu moseka? Mukapeza ntchitoyo, funani mawu amene Mchewa amagwiritsa ntchito pochita chomwecho.

"Mkazi wokalamba" ndi moni wachikondi. M'Chingelezi cha m'tauni anyamata amatchula makolo awo choncho, monganso amanenera kuti mudala kwa bambo awo kapena kwa mnzawo. Mukati "nkhalamba inu", mwatukwana. Mukati "agogo", mwapha nthabwala, wasanduka moni wamba. Chimene chikugwira ntchito yomweyo ndi "akazi anga aakulu", kapena kuwatchula ndi mfunda wawo, "aNaphiri anga". Mawu ochepa okhawo akuuza agogo kuti zimene zikubwerazi ndi macheza, ndiponso akuwapatsa malo oyankhirapo.

Onaninso kuti Chingelezi chili ndi liwu limodzi la iwe ndi inu, ndiye kusankha kuli ndi inu womasulira. Gwiritsani inu nthawi zonse. Agogo angathe kumutcha mkamwiniyo iwe poseka, koma iye sangabweze. Chimodzimodzi ndi ka- ndi chi-. Mu Lusaka timangoti kamudala, chimunthu ichi, osaganizako. Kumudzi ka- amachepetsa ndipo chi- amanyansitsa, choncho musaziike pa munthu wamkulu. Ziikeni pa zinthu, monga timbewa kapena kathumba.

"Mwatiiwala" ndi dandaulo limene Chichewa chili nalo kale, ndipo limakoma likakula: "Mwanditayatu, kapena mwapeza wina?" Kachidutswa ka -tu ndi funso lansanjelo ndi zimene zikuonetsa kuti nkhope ya wolankhula ikuseka.

Tsopano makoswe. Apa ndi pamene omasulira ambiri amagwera. Abemba akamatiseka m'Chingelezi amakonda liwu limene limatanthauza khoswe, mwadala, kuti zipweteke pang'ono. Koma kwa Mchewa khoswe ndi mbewa n'zosiyana kutalitali. Mbewa ndi za kumunda, zimakumbidwa anthu akakolola, m'miyezi yozizira mpaka yotentha, n'kuziwiritsa ndi mchere, kuziumitsa, ena n'kumazigulitsa zopanidwa pa timitengo m'mbali mwa msewu wa kum'mawa. Ndi ndiwo, ndipo anthu amanyadira nazo. Khoswe ndi wa m'nyumba ndi kuchimbudzi, sadyedwa. Mukauza agogo kuti amathamangitsa makoswe, mwanena kuti m'nyumba mwawo ndi mwauve kapena kuti njala yawafikitsa podya zonyansa. Nenani mbewa. Ndipo mbewa sathamangitsa, amakumba. "Kodi mbewa mwakumba chaka chino?" Nthabwala yatsala yonse, chifukwa choseketsa n'chakuti Mbemba, amene amati sadya, ndiye akufunsa.

Za michira zisiyeni momwemo, n'zoseketsa m'chilankhulo chilichonse. Koma "ife ndife anthu otsogola" n'zoopsa. Mu Lusaka aliyense akumva kuti akudzitama monama. Kumudzi amva kuti mkamwini wa m'tauni akuwatcha otsalira, ndipo limenelo ndi bala lakale limene silifuna kukandidwa. Njira yake ndi kutembenuza mpeni kuti uloze kwa wolankhula: "ife a kumpoto mano athu anazolowera apusi, michira ya mbewa itivuta." Apa mwasintha mawu, koma mwasunga chimene chimbuya chimafuna, kuti wonyoza asiye khomo lotsegula loti naye anyozedwe. Popeza mwaika m'kamwa mwa munthu mawu amene sananene, muyenera kumufunsa kaye. Tifikako.

"Mdzukulu wanu akundipha ndi njala, ndibwera kudzatenga ndalama zanga." Chiganizo ichi ndi chimene chingaitanitse ankhoswe. Achinyamata a m'tauni amaseka za kubweza lobola ngati mmene amanenera za kubweza katundu kusitolo. Kwa akuluakulu, mwamuna akatchula zobweza chuma ndiye kuti banja latha, ndipo palibe kuseka kumene kungafewetse mawu amenewo akamveka pakhonde. Funsani kuti akufuna kuchita chiyani: akufuna kukometsa agogo, kuti iwo ndiwo odziwa kuphika. Ndiye nenani zomwezo. "Mkazi mnzanu wamng'onoyu nsima yake siyifika pa yanu. Ndibwera kudzakhala kwa inu, mundisungire mphasa." Ndalama zachoka, njala yachoka, mdzukulu sananenedwe kuti ndi waulesi, ndipo agogo apatsidwa ulemu wopambana mpikisano.

Chomaliza ndi chining'a cha Chingelezi, kukoka munthu mwendo, chimene chimatanthauza kumunamiza moseka. M'Chichewa kukoka munthu mwendo kumamveka ngati kumubweza m'mbuyo kuti asatukuke, ndipo kwa munthu wokalamba amene miyendo imamuvuta usiku, mawuwo angapite kwina kumene simukufuna. Lamulo la zining'a ndi lomweli nthawi zonse: tayani chithunzi, sungani ntchito. Nenani kuti "ndikungocheza nanu" kapena "ndikukuputani dala". Chimodzimodzi mnzanu akalemba kuti mwamupha, kutanthauza kuti waseka kwambiri, ife timati mwandithyola nthiti, kapena ndafa nalo phwete.

Kunena zoona, ngati mwayamba bwino ndi "akazi anga aakulu", chiganizo chomalizachi sichifunikanso. Kuuza agogo kuti mumangoseka kuli ngati kuwafotokozera mwambi umene anakuphunzitsani okha. Chisungeni pokhapokha ngati mukuopa kuti ena omvera nawo sadzazindikira kuti ndi macheza.

Chachinayi: tinkhope toseka tisandutseni mawu

Uthenga wolembedwa umadalira tinkhope tija ndi kkkk kuti uonetse kuti ndi macheza. Mu uthenga wa mawu zimenezi kulibe. Pa kafoni ka mabatani nthawi zambiri timaoneka ngati timabokosi topanda kanthu, ndipo kankhope koseka mpaka misozi akuluakulu ena amakaona ngati kolira. Ndiye kuseka kuyenera kulowa m'mawu enieniwo: aa, inu, kodi, -tu, -ko, ndi kukoka liwu pamene wosereula amakoka. Jambulani mukumwetulira, zimamveka. Musawerenge ngati chilengezo cha kutchalitchi.

Yambani ndi mawu anuanu, kuti agogo adziwe amene akulankhula: "Agogo, ndine mdzukulu wanu wa ku Mtendere. Amuna anu a Chibemba aja andituma, ati ndikuuzeni izi." Kaliwu koti ati mukabwereze pakati kamodzi kapena kawiri, kuti wofika mochedwa pakhonde asaganize kuti ndinu mukufuna mphasa kwa agogo.

Uthenga wonse tsopano ukumveka chonchi:

"Ati, akazi anga aakulu, mwanditayatu, kapena mwapeza wina? Kodi mbewa mwakumba chaka chino? Mutitumizireko pa basi, tidzalandira ku Intercity. Koma michira muchotse, ife a kumpoto mano athu anazolowera apusi. Ati mkazi mnzanu wamng'onoyu nsima yake siyifika pa yanu. Ndibwera kudzakhala kwa inu, mundisungire mphasa."

Chenjezo limodzi laling'ono. Pempho la mbewalo agogo angalitenge ngati lenileni, n'kutuma ana kukakumba, kathumba n'kuyenda makilomita pafupifupi 500 kudzafika ku Lusaka. Funsani mkamwini ngati adzadyadi. Akakana, onjezerani kuti "akungolakalaka, musavutike".

Chachisanu: bwezerani wolemba zimene mwanena

Musanatumize, muuzeni mkamwini m'chilankhulo chake zimene uthenga wanu ukunena tsopano, makamaka pamene mwasintha. Muuzeni kuti za ndalama mwachotsa ndipo mupereke chifukwa. Muuzeni kuti mwamuika akudziseka yekha za apusi. Ena amakana, amati ine sindinanene zimenezo, ndipo ali ndi ufulu. Akakana, chotsani chiganizocho, musabwezeretse chakale chija. Uthenga waufupi woseketsa pang'ono suvulaza munthu. Koma mukatumiza osamuuza, agogo adzayankha za apusi, iye n'kudabwa kuti nkhaniyi yachokera kuti, mwinanso kukhumudwa.

Ngati pali munthu wamkulu wa kwanu pafupi, monga azakhali okhala ku Matero amene anakulira kumudzi, amveretseni kaye. Muyang'ane nkhope, osati yankho. Akaseka asanamalize kumva, tumizani. Akati "aa, koma pamenepo", mufunse kuti pati.

Yankho likabwera, ntchito yatembenuka

Agogo akakondwa sangokhala chete, amabweza, ndipo kubweza kwawo kumakhala ndi miyambi. Tinene kuti ayankha kuti: "Umuuze mwamuna wangayo kuti mbewa zilipo, koma anyani sasekana zikundu. Ayambe iye watumiza mkono wa pusi."

Mwambiwu ukutanthauza kuti anthu olingana zofooka asamatonzane. Agogo ausankha mwaluso, chifukwa muli nyani, ndipo nkhani inali ya apusi. Pali njira zitatu zoumasulira, ndipo ziwiri n'zolakwika. Mukangopereka tanthauzo, kuti tonse tili ndi zofooka, mkamwini amva ngati akulangizidwa, aganiza kuti agogo akwiya. Mukasinthanitsa ndi mwambi wa Chingelezi wa mphika wotonza ketulo kuti ndi yakuda, tanthauzo lafika koma nyani wathawa, ndipo choseketsa chinali nyaniyo. Apa ndiye kuti lamulo lija lotaya chithunzi silikugwira, popeza chithunzicho ndicho nthabwala.

Njira yachitatu ndi kusunga nyani, koma mosamala. M'Chingelezi kutcha munthu wakuda nyani ndi chitonzo cholemera cha nthawi ya atsamunda, ndipo chikalembedwa pa gulu la WhatsApp, wina amene sadziwa chiyambi cha nkhani angachijambule n'kuchitumiza kwina. Ndiye masulirani moti agogo adziphatikizemo, monga mmene mwambiwo ukuneneradi: ife anyani awiri tisasekane kumbuyo, popeza tonse n'kofiira. Muyambe ndi kunena kuti ndi mwambi wa kwathu. Ngati mumatha Chibemba, chiganizo chimenechi chinenereni m'Chibemba, ndi liwu lawo lomwe la nyani loti kolwe, chifukwa ndi liwu limene chimbuya chimayendera ndipo Mbemba aliyense akalimva kuchokera kwa wa kum'mawa amadziwa kuti masewera ayamba. Mutumizireninso mawu a agogo enieniwo, ngakhale sakumva Chichewa chakuya, kuti amve kuseka kwawo.

Zimene simuyenera kuwolotsa ngakhale zitaseketsa chotani

Pali nkhani zina zimene mu Lusaka timaseka nazo koma zikalowa m'Chichewa cha kumudzi zimalemera. Yoyamba ndi ufiti. Mnyamata angalembe kuti agogo ndi mfiti chifukwa analosera bwino za mvula kapena za mimba. Musalitchule liwu limenelo kwa munthu wokalamba. Okalamba ena athamangitsidwa m'midzi ndi kumenyedwa chifukwa cha mphekesera zotere, ndipo malamulo a Zambia amaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Nenani kuti "muli ndi maso, inu". Yachiwiri ndi kuba. A kum'mawa amaseka Abemba kuti ndi a manja aatali, ndipo pamaso zimapita, koma liwu loti mbava likajambulidwa limatsala m'foni. Zina ndi kusabereka, chigololo, ndi matenda a munthu amene akudwaladi.

Maliro ndi osokoneza pang'ono, chifukwa pamaliro ndi pamene chimbuya chimaonekera kwambiri: asuweni amapaka anamfedwa ufa kapena paudala, kuwalipiritsa tindalama, kwinaku akugwira ntchito ya pamaliropo. Koma amachita zimenezo ali pomwepo, manja ali pa ntchito. Nthabwala yomweyo ikabwera pa foni kuchokera kwa munthu amene sanabwere, imamveka ngati mwano. Uthenga wa pamaliro umasulireni wopanda nthabwala, ndipo wolembayo mumuuze kuti asunge nthabwalazo mpaka akafike yekha.

Mmene mungadziwire kuti zalakwika, ndi chochita

Munthu wamkulu akakhumudwa sanena. Mumadziwira pa kufupika ndi kuwongoka kwa yankho. Mukalandira "zikomo, tamva" kapena "chabwino, apatseni moni", popanda kubweza chitonzo chilichonse, nthabwala sinafike. Agogo akasiya kunena kuti mwamuna wanga n'kuyamba kunena kuti bambo a uje, ndiye kuti abwerera ku ulemu, ndipo ulemu pamenepa ndi mkwiyo. Chizindikiro chachikulu ndi pamene wayankha ndi munthu wina, amalume kapena apongozi, n'kufunsa kuti kodi kumeneko kuli bwino.

Zikatero musatumize uthenga wina wofotokoza nthabwalayo, ndipo musadikire kuti ziiwalike. Imbani foni tsiku lomwelo, mulankhule ndi agogo eni ake. Funsani kaye zimene anamva, chifukwa kawirikawiri ndi liwu limodzi lokha, ndipo mwina si limene inu mukuliganizira. Kenako senzani mlanduwo inu womasulira: "Ndine ndinapotoza, agogo, iwo amanena kuti nsima yanu ndiyo yokoma." Womasulira akalakwa amangosekedwa, pamene mkamwini akalakwa nkhani imafika kwa ankhoswe. Mukatero mupatseni foni mkamwiniyo apereke moni yekha m'Chinyanja chake chothyokathyoka, ndipo musamukonze. Uthenga wotsatira ukhale wa moni ndi kufunsa za kumunda basi, mpaka agogo atayambanso okha kumuputa.